Za ana pa maliro a Agogo ku Linthipe

Malume: Abale anga, ndondomeko yayenda chonchi. Thupi la Amayi lifika kumudzi mawa Lachinayi madzulo, tigona pasiwa, ndipo tiika Lachisanu. Amfumu ndawauza kale ndipo adzukulu ayamba kukumba m'bandakucha. Chatsala ndi nkhani ya ana. Mukukumbukira pa maliro a Bambo, amfumu ali m'kati moyankhula, mpira unagwera pakati pa anthu. Mumtima mwanga sizinachokebe. Tikonzeretu lero.

Azakhali a ku Area 25: Zikomo achimwene. Ine mlandu uja sindiuika pa ana. Anamwa tiyi 7 koloko, nsima inabwera cha m'ma 3 titachoka kumanda. Mwana wa zaka zisanu sangakhale pamphasa maola 8 ali ndi njala, wopanda chochita, aliyense akungomuuza kuti khala chete. Tinawaiwala ndife. Tiyambe tawerenga, akubwera angati?

Make Tadala: Anga awiri azakhali, wa zaka 6 ndi wakumsanayu.

Bambo Chisomo (Joni): Ife tikutera pa Kamuzu mawa masana. Ndikubwera ndi Chisomo yekha, ali ndi zaka 12. Maliro akumudzi sanawaonepo.

Azakhali a ku Area 25: Ndaphatikiza ndi akumudzi, onse akwana 11. Atatu oyamwa, amenewo ndi a kumsana kwa amayi awo, akalira mayi azituluka nawo kuseri. Atatu ndi osinkhukirapo, zaka 10 mpaka 13. Otsala asanuwo, a zaka 4 mpaka 8, ndi amene akufunika maso athu.

Mlamu aNaphiri: Abwere kwanga. Nyumba yanga ili kuseri kwa nkhokwe, kulira kwa pasiwa sikumveka kwambiri, komanso phokoso lawo silingafike pamene pakhale azibambo. Agone momwemo, maneti awiri alipo. Koma chonde tengani majuzi ndi mabulangete, Juni wa kuno ku Dedza mukumudziwa. Mwana akazizidwa usiku amathamangira pamoto wa azibambo, ndiye paja pamakhala zikuni zikuluzikulu.

Make Tadala: Zikomo alamu. Koma inu muli m'Chigwirizano, Lachisanu muvala yunifolomu n'kukhala pambali pa bokosi. Awayang'anira ndani? Tisanene kuti Chisomo ndi anzake aja, nawonso ndi ana.

Azakhali a ku Area 25: Apo wanena zoona. Ulendo watha tinati atsikana aziona anzawo, mapeto ake onse anapita kumjigo. Pakhale munthu wamkulu mmodzi nthawi zonse, tizisinthana, kuti pasapezeke wina amene waphonya mwambo wonse wa agogo ake. Ine nditenga kuyambira m'mawa mpaka 10 koloko. Make Tadala kuyambira 10 mpaka thupi litatuluka m'nyumba. Nthawi ya mapemphero ndi ya kumanda tipemphe mpongozi wa achimwene, iyeyo ndi wobwera, sangadandaule kwambiri kutsala.

Malume: Ndalankhula naye pompano, wavomera ndi mtima wonse.

Mlamu aNaphiri: Za chakudya, ana asadikire miphika ikuluikulu. Kumafuwa kuja kumakhala madzi owira ndi anthu ambiri, mwana asapondeko n'komwe. Ndiwaphikira pakhomo panga. Phala 7 koloko, mbatata yophika ndi thobwa cha m'ma 10, nsima yawo 12 koloko mapemphero asanayambe. Mbatata ndili nayo ndowa yathunthu. Akutauni mubweretse ufa wa Likuni makilo awiri, shuga paketi imodzi ndi sopo wosambira m'manja.

Bambo Chisomo (Joni): Zimenezo ndilipira ine, nditumiza pa Mpamba wa azakhali ndikangotera. Ndinaganizanso zotenga tabuleti ya Chisomo, muli makatuni ambiri osafuna intaneti. Mwina ingawagwire onse pamodzi.

Azakhali a ku Area 25: Mwanawe, isiye m'chikwama. Ana akumudzi akangoiona, mudzi wonse wa ana udzaza pakhonde pa aNaphiri, kulimbirana, kuseka mokweza. Batire ikatha ndiye kulira, magetsi kulibe. Chimene chimakhazika mwana pansi nthawi yaitali ndi ntchito ya manja imene akuona kuti ndi yeniyeni. Ino ndi nyengo ya mtedza. Muwapatse lichero, aswe mtedza wotendera ndiwo za anthu obwera kudzapepesa, muwauze kuti akuthandiza pa maliro a agogo awo. Mudzaona mmene aikirepo mtima. Akatopa asankhe nyemba.

Make Tadala: Chenjezo limodzi pamtedzapo. Oyamwa ndi okwawa aja asayandikire lichero, njere imodzi ikhoza kumutsamwitsa mwana. Wanga ndimusunga kumsana. Komanso wa zaka 4 sangaswe mtedza ola lathunthu, mphindi 20 zikakwana ayamba kuponyera anzake makoko. Chizindikiro ndi chomwecho, asinthireni chochita asanayambe kumenyana. Ndagula makope asanu ndi mapensulo amitundu, ajambule nyumba ya agogo, mbuzi zawo, mtengo wamango uja.

Mlamu aNaphiri: Dongo ndili nalo lomwe ndimazirira, aumbe ng'ombe ndi timiphika. Atsikana asewere ndado pakhonde. Phada, fulaye ndi mpira ayi mpaka titabwera kumanda ndi kusamba m'manja. Pamenepo athamange kudambo, adzakhala atapirira mokwanira.

Bambo Chisomo (Joni): Ndamva, tabuleti itsala. Malume, ndili ndi funso lolemerapo. Chisomo akuti akufuna kuona nkhope ya agogo ake. Ankayankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Ndimuyankhe chiyani?

Malume: Ife tikukula, mwana sankaona nkhope kapena kuponda kumanda. Maliro akamadutsa tinkalowetsedwa m'nyumba. Kwa ang'onoang'ono asanu aja ndikufuna zikhale choncho. Za Chisomo zandivuta, ndimve kwa alongo anga.

Azakhali a ku Area 25: Achimwene, mwana wapempha yekha, ndipo zaka 12 si khanda. Akanizidwa adzakhala nacho mumtima. Alowe nthawi ya achibale, bambo ake atamugwira dzanja. Umuuziretu m'ndege momwemo zomwe akaone: agogo ali m'bokosi, sakuyenda, nkhope yasinthako, azimayi akulira mokweza ndipo kulirako si koopsa. Akafika pakhomo n'kusintha maganizo, abwerere, wina asamukakamize. Anzake awiri aja nawonso afunsidwe, asangokokedwa.

Malume: Chabwino, ndavomera. Atatuwo akhale nawo pa mapemphero, kumbuyo kumbali ya azimayi, pomwe angatuluke osadutsa pakati pa anthu. Nkhata ya zidzukulutudzi akaika ndi iwowo, azakhali awo atawaperekeza.

Make Tadala: Ndipemphe chimodzi kwa tonse. Tisawauze ana kuti agogo agona kapena apita ulendo. Pa maliro a Agogo aamuna wina anamuuza Tadala kuti agona, mwana anatha sabata akukana kutseka maso usiku. Dzulo ndamuuza kuti agogo amwalira, sadzabweranso pakhomo, ndipo tonse tili ndi chisoni. Walira, kenako wafunsa kuti nkhuku zawo azidyetsa ndani.

Mlamu aNaphiri: Muuzeni kuti Lachisanu m'mawa adzazidyetse iyeyo, madeya alipo.

Malume: Bambo Chisomo, muphunzitseni mwana zofunika panjira. Mukaona masamba atayala pamsewu, wailesi ya m'galimoto izime. Avale chitenje, popatsa moni akulu agwade, polandira chinthu manja awiri, podutsa pamene pakhala anthu awerame n'kunena zikomo. Anyamata zipewa avule. Chichewa chikamuvuta, mawu amodzi oti "pepani" akwanira.

Bambo Chisomo (Joni): Chitenje alibe malume.

Azakhali a ku Area 25: Ndimutengera changa chakuda chija, ndikamumangira ndekha tikakumana pa bwalo la ndege. Make Tadala, usaiwale makope. Alamu, ife tinyamuka ku Lilongwe 2 koloko pambuyo pa galimoto ya thupi, ana tiwatsitsira kwanu tisanafike pasiwa.

Mlamu aNaphiri: Mudzandipeza nditatereka kale madzi osamba.