Kalata yoyamba ku inshuwalansi ndilembemo chani?

Abale ndithandizeni pang'ono, Lachisanu madzulo minibasi inandigunda kumbuyo pa Area 18 ku Lilongwe, bampala yathyoka, nyale yakumanzere yasweka ndipo buti sikutsekekanso moti ndangomanga ndi chingwe. Palibe anavulala. Apolisi anabwera nkuyeza pamalopo koma lipoti akuti litenga masiku angapo.

Ndiye mu pepala la inshuwalansi yanga, ija yolipira zonse, alemba kuti ngozi ikachitika ndiwadziwitse msanga. Ndinaimba foni Loweruka, wina anayankha kuti zamveka basi, sanandipatse nambala ya kileyimu iliyonse, ine mtima sukukhazikika poti za pafoni munthu atha kukana mawa. Ndidikire lipoti la apolisi kapena ndingotumiza kalata Lolemba lipotilo lizabwera pambuyo?

Zomwe ndalemba kale ndi nambala ya polise ya inshuwalansi, nambala ya galimoto, tsiku nthawi ndi malo, kuti ndimayendetsa ndine komanso nambala ya laisensi yanga, nambala ya minibasi ija ndi kampani ya inshuwalansi yake (ndinajambula pa disiki), dzina la wapolisi ndi siteshoni yake, zomwe zaonongeka ndi zithunzi. Mboni ilipo imodzi, mayi wina wogulitsa nthochi, nayenso ndimuikemo?

Chinanso, dalaivala wa minibasi uja akundinyengelera kuti andipatse K150,000 tithane patokha, ndamva zoti ukalandira kapena kukonzetsa asanabwere owunika galimoto atha kukana kulipira. Ndi zoona? Nanga zimenezi ndizitchule mu kalatamo?