Makina athu a shuga akusemphana manambala

Nabanda: Anzanga thandizeni. Lachiwiri pa kiliniki ya shuga ndinayeza agogo ena, makina anaonetsa 96 mg/dL, koma iwo akudandaula ludzu ndi kukodza usiku wonse. Nditabwereza ndi kabotolo katsopano ka masitiripu, chala chomwecho, inabwera 214. Vuto ndi makina kapena?

Mbewe (labu): Asisitala, makina ndi omwewo, chimene mwasintha ndi masitiripu. Oyambawo anali mu chiyani?

Nabanda: Mu kapepala ka pulasitiki koikamo mapilitsi. Tinapungulira anzathu opita kumudzi, otsala anabwera nawo. Koma EXP yake ndi chaka chamawa.

Mbewe (labu): Atayeni onsewo. Deti lija limagwira ntchito sitiripu ikakhala m'kabotolo kake kotseka bwino, chifukwa mkati mwake muli mankhwala oyamwa chinyezi. Ikatuluka, mpweya umayamba kuiwononga, ndipo ndi maso simungaone. Onjezani kutentha kwa ku Chigwa kuno mu Okutobala, m'chikwama pa njinga yamoto, pamene makampani ambiri amalemba kuti asapitirire madigiri 30. Werenganinso kapepala ka m'bokosi. Mitundu ina imafika pa deti lolembedwalo, ina imatha miyezi 3 kapena 6 mukangotsekula. N'chifukwa chake timalemba tsiku lotsekula pa kabotolo.

Chisale: Ife timaika mu filiji ya katemera, nkhani ya kutentha inatha.

Mbewe (labu): Ayi achimwene. Mukatulutsa kabotolo kozizira n'kutsekula, mkati mumachita mame. Kabati ya m'chipinda chozizirirako, kutali ndi zenera ndi sinki, ndi yokwanira. Komanso a katemera akakupezani mudzayankha nokha.

Nachisale: Ine ndikakayika ndimadzibaya ndekha. Ikabwera cha m'ma 90 ndimadziwa kuti zili bwino.

Mbewe (labu): Amayi, masitiripu a asisitalawa anaonetsanso 96. Shuga wanu simukumudziwa, pamene madzi a kontirolo, oyesera makina ndi masitiripu, ali ndi mlingo wa shuga wodziwika. Khutchumulani, tayani dontho loyamba, pukutani kukamwa kwa botolo, dontho lachiwiri muike pamalo oyera osayamwa madzi, sitiripu ikoke pamenepo. Nambala muifanizire ndi malire olembedwa pa kabotolo ka masitiripu amene mukuyezawo, osati ka mwezi watha. Ikagwa kunja bwerezani kamodzi. Ikakananso, tsekulani kabotolo kena ka masitiripu. Akakana onse, ndiye tikayikire makina kapena madziwo. Nawonso amatha, ambiri miyezi 3 chitsekulireni, ndipo ayenera kukhala a kampani yomweyo.

Nabanda: Ndapeza kabotolo ka kontirolo m'dirowa, kopanda tsiku lotsekula, kukamwa kwauma zofiira. Makina anabwera nako kamodzi kokha, ku famase akuti saoda.

Chisale: Kwathunso chimodzimodzi. Ndiye tiziyezera chiyani?

Mbewe (labu): Kameneko musakakhulupirire. Ndifunsa ngati tingagawane kathu. Pakadali pano onani m'kaundula amene munawayeza ndi masitiripu a m'kapepala aja, muwaitanenso.

Nabanda: Alipo 11. Awiri alibe foni.