Wogula nyumba akufuna kulipira K60 miliyoni pamanja, nditani?

Nachisale wa ku 25: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndine ejenti wogulitsa nyumba ku Lilongwe. Bambo wina wakonda nyumba ya K60 miliyoni, mtengo sanatsitse ngakhale pang'ono. Dzulo anatsegula buti ya galimoto kundionetsa chikwama chodzaza mitolo ya ma K5,000, ina ikadali ndi malamba a ku banki. Akuti mapepala tilembe dzina la mphwake wa ku sekondale. Nditapempha chiphaso chaunzika anangoseka, ati "mayi, mukufuna ndalama kapena nkhope?" Komishoni ndikuifuna, sindinama. Koma mtima sukukhazikika.

Che Jafali: Ndalama ndi ndalama mayi. Alimi a fodya ndi ogula soya amayenda ndi matumba, onsewo ndi akuba?

Angoni a ku Mzimba: Lowetsani pang'onopang'ono, K4 miliyoni lero, ina mkuja. Banki imangonena zikuluzikulu.

Mlembi wakale: Angoni, zoti mabanki amatumiza malipoti a ndalama zikuluzikulu n'zoona, koma kuduladulako n'kumene kumakodola maso. Ndagwira ku banki zaka zambiri. Munthu wobwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndi ndalama zofanana timamuona msanga kuposa wobwera kamodzi.

Mayi Nachisale, lamulo la Financial Crimes Act la 2017 silikhudza mabanki okha. Maejenti a nyumba, maloya, owerengera ndalama ndi ogulitsa miyala yamtengo wapatali alimonso. Udindo wanu ndi kudziwa amene mukuchita naye malonda, kudziwa mwini weniweni wa ndalamazo, ndi kusunga mapepala ake. Chikwamacho pachokha si mlandu, apo Che Jafali akunena zoona. Koma wa fodya ukamufunsa amatulutsa mapepala a ku okushoni monyadira. Uyu wakana chiphaso, sakunenerera mtengo, ndipo akubisala kumbuyo kwa mwana wasukulu. Nyumba ikadzagulitsidwanso mawa, ndalamazo zidzakhala zayera.

Lembani zonse mmene zinachitikira, tsiku, ndalama, mawu ake, mutumize osachedwa ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lolandira malipoti a ndalama zokayikitsa. Simukufunika umboni woti waba. Kukayika kokhala ndi zifukwa n'kokwanira, ndipo malonda akalephereka lipoti limapitabe. Chachikulu, musamuuze kuti mwanena, ngakhale mwini nyumba. Kutsina khutu wokayikiridwa ndi mlandu paokha.

Mai a Tadala: Ine anandibera chonchi. Ndinapereka K3 miliyoni ya puloti, kupita ndinapeza wina akukumba maziko. Maejenti inu!

Nachisale wa ku 25: Pepani amayi, koma pano wokayikitsa ndi wogula. A Mlembi, nanga akadziwa kuti ndine? Ofesi yanga anafikapo, komwe ndimakhala akudziwa.

Mlembi wakale: Lamulo limabisa dzina la wonena, ndipo simungazengedwe mlandu ngati mwanena mwachilungamo. Koma ngati chikwamacho anaonetsa inu nokha, adzaganiza yekha. Muuzeni kuti kwanu malipiro amadzera ku banki ndipo popanda chiphaso simulemba kanthu. Mwina athawa yekha.

Che Jafali: Athawira kwa ejenti wina, nyumba igulidwa Loweruka, komishoni adya ena. Tinaona 2013, mabuti a galimoto omwewa, nyumba zinagulidwa ndithu.

Nachisale wa ku 25: Mwini nyumba waimba kawiri kale m'mawa uno. Iyeyo ndimuuza chiyani?