Nkhope ya agogo yasiya kusintha, koma chitenje ayi

“Agogo a mu kafilimu kanga ka AI akumasintha nkhope pa kavidiyo kalikonse. Ndichite bwanji?” Ndi mmene ndinafunsira sabata yatha ndili kuno ku Harare.

Amene munati ndisiye kudalira mawu olembera AI okha munanena zoona. Ndinayamba ndapanga chithunzi chimodzi cha agogowo, mpango wofiira kumutu, akuyang’ana kutsogolo pamalo owala bwino. Kuchokera pa chimenecho ndinapanga cham’mbali ndi cha thupi lonse. Tsopano kavidiyo kalikonse kamayambira pa chimodzi mwa zithunzi zitatuzi, ndipo mawu ofotokoza agogowo ndimangowakopera osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndimasintha zochita zokha.

Pomwe ndinapsa ndi apa: ndinkatenga chithunzi chomaliza cha kavidiyo n’kuyambira kotsatira. Tolakwika ting’onoting’ono timaunjikana, moti pofika kachinayi agogo anali atasanduka mtsikana, makwinya onse atapita. Mlamu wanga ku Mbare anaseka mpaka misozi. Pano ndimabwerera ku zithunzi zoyambirira nthawi zonse.

Kugwiritsa ntchito `seed` yofanana, nambala imene AI imayambira popanga chithunzi, sikunandithandize. Mawu akangosintha, nkhope inkasinthanso. Chatsala ndi chitenje: maluwa ake amasokonekera agogo akatembenuka, ndiye ndawaveka chopanda maluwa.