Ana akusokosa masamu asanayambe: yankho lowonjezera

"Ndimaphunzitsa Giredi 5 ku Chawama, ana 70. Mwati ndiwombe m'manja, koma akangobwera ku buleki phokoso silikutha. Nditani?"

Aphunzitsi, kuwomba m'manja kumangowatembenuza mitu. Ngati palibe ntchito yowadikira, phokoso limabwerera. Choncho lembani pa bolodi ana asanalowe: "Yankho ndi 24. Funso ndi lotani?" Imani pakhomo, aliyense wolowa mumuloze bolodi osalankhula.

Ntchitoyi itenge mphindi zisanu. Mphindi ziwiri zoyamba aliyense alembe yekha m'kope, monga 20 + 4, 6 × 4 kapena 48 ÷ 2. Funso lotere lilibe "ndamaliza", ndiye wachangu amapitiriza, wochedwa naye amapeza chake. Mphindi yachitatu asinthane makope ndi mnzake, monong'ona. Ziwiri zotsalazo tchulani ana anayi, inuyo mulembe mafunso awo.

Musalole kukweza manja, chifukwa "ine aticha, ine!" ndiye amadzutsanso phokoso. Mukaona ambiri akungoyang'ana padenga, nambala yakula. Tsitsani pa 12. Wopanda pensulo mupatseni yanu msanga, chifukwa kubwerekana ndi kumene kumayambitsa macheza.