Zotsatira zabwera, koma tiyambe kumuphunzitsa chiyani?

Moni makolo anzanga ndi aphunzitsi muli muno. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 ali ndi ulumali wa m'maganizo. Posachedwapa katswiri anamuunika pogwiritsa ntchito mndandanda wa mafunso wotchedwa Vineland, kuti aone zimene amatha kuchita yekha tsiku ndi tsiku. Mafunso ambiri ankafunsa ine, ndipo ankabwereza kuti ndinene zimene mwanayo amachitadi popanda kuuzidwa, osati zimene angathe atakakamizidwa.

Pamenepa ndi pamene mtima wanga suli m'malo. Atandifunsa ngati amavala yekha ndinayankha kuti inde, chifukwa malaya amalowetsa bwinobwino. Koma kunena zoona, zovalazo ndimamusankhira ndine, ndimamutembenuzira, mabatani ndimamanganso ndine. Kodi yankho langalo silinakweze zotsatira zake? Ndibwerere ndikakonze?

Ngakhale zili choncho, pa kudzisamalira wapeza 62, pomwe ana ambiri a msinkhu wake amakhala cha pa 100. Pa kucheza ndi anzake ali bwinoko.

Aphunzitsi ake alemba cholinga chakuti "azidzidalira". Ine ndikuona kuti n'chachikulu kwambiri moti sitingadziwe ngati tikupita patsogolo. Ndikuganiza zoti tilembe kuti pakatha miyezi 3 azisamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi, maulendo 4 mwa 5 alionse, atakumbutsidwa ndi chithunzi chokha.

Inu amene munadutsamo, pophunzitsa mwana ntchito ngati imeneyi munayamba ndi sitepe yomaliza n'kumabwerera m'mbuyo, kapena yoyamba? Nanga akamatha kunyumba koma kusukulu ayi, mumawerengera kuti waphunzira?