Kuonjezera pa funso la ngongole ya banki ija

“Phindu pa kwacha iliyonse lakwera, nanga bwanji banki yatikaniza ngongole?”

Taonanso mabuku a zaka ziwiri mwatumizawa, ndipo vuto lili pa ndalama zoyendetsera bizinesi. Chaka chatha katundu wosandutsika ndalama msanga anali K12 miliyoni, ngongole zobweza chaka chisanathe K6 miliyoni, kugawa kukupereka 2, kutanthauza kuti munali ndi K2 pa kwacha iliyonse ya ngongolezo. Chaka chino ndi K15 miliyoni pa K12 miliyoni, kapena 1.25. Mukachotsapo sitoko ya K9 miliyoni, zikutsika kufika 0.5, kutanthauza kuti pa kwacha iliyonse yomwe mukuyenera kubweza muli ndi 50 tambala yokha. Phindu lakweradi, kuchoka pa 8 kufika 10 peresenti ya zogulitsa, koma lathera m'katundu wongokhala pashelefu. Pomwe ngongole zanthawi yaitali zafika 55 peresenti ya mpamba wonse kuchoka pa 30. Abanki akaona zotere amadodoma. Yambani mwagulitsa sitokoyo musanakapemphenso.